Ndikugwirizira udindo wa kapitawo koma ovataimu andibwezera fomu: ndithandizeni masamu

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Ndine kalaliki m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina. Kapitawo wathu anapita kutchuthi cha uchembere, ndipo ine anandipatsa kalata yoti ndigwirizire udindo wake kuyambira Lolemba pa 12 Ogasiti mpaka pa 31 Okutobala. Besiki yanga ndi 520,000 pa mwezi. Giredi ya kapitawo imayambira pa 650,000, koma mwini mpandoyo, poti ndi wakale, amalandira 740,000. Pa peyisilipi ya Seputembala ndaona mizere iwiri yatsopano: alawansi yogwirizira ya Seputembala 130,000, ndi yotsalira ya Ogasiti 79,677. Sindikudziwa kuti 79,677 yachokera pati. Chachiwiri, fomu yanga ya ovataimu ya maola 30 a Seputembala yabwerako osasainidwa, ati kapitawo salandira ovataimu. Chachitatu, penshoni andidula 26,000 monga mwa nthawi zonse, ngati kuti palibe chasintha. Kodi zonsezi zili m'malo?

Jere: Chemwali, akudyerani masuku pamutu. Ntchito imene mukugwira ndi ya munthu wa 740,000, ndiye kusiyana kwake ndi 220,000, osati 130,000. Ndakhalapo mu komiti ya yuniyoni, izi tinkazimva kawirikawiri. Ntchito yofanana, malipiro ofanana.

aMbewe: A Jere, pa mfundo yoti ntchito ikhale ndi malipiro ake ndikugwirizana nanu, koma pa nambalayo ayi. Ndapanga malipiro a antchito zaka zoposa 20, ndipo kawirikawiri alawansi yogwirizira sayezera pa thumba la mwini mpando. Mayi uja 740,000 yake muli zaka zimene wakhala akukwera masitepe m'giredi imeneyo. Zaka zimenezo ndi zake, sizikhala pa mpandopo akachoka. Chimene mpando umalipira munthu amene wangoukhala kumene ndi sitepe yoyamba ya giredi, ndiye 650,000. Mukachotsapo 520,000 ya Mayi a Tadala mutsala ndi 130,000. Taganizani motere: akanati awakweze lero lomwe kukhala kapitawo weniweni, akanayambira pa 650,000. Ndiye zingatheke bwanji kuti wogwirizira alandire zochuluka kuposa wokwezedwa?

Malo ena sachita kusiyanitsa magiredi, amangopereka peresenti ya besiki yako, kaya 10 kaya 15. Njira zonsezi zilipo, ndipo imene ikugwira ntchito ndi imene yalembedwa m'buku la malamulo a ntchito kapena mu mgwirizano wa yuniyoni ndi abwana. Mayi, mwa inu mwalembedwa zotani?

Mayi a Tadala: Ndalitsegula bukulo pompano. Likunena kuti wogwirizira alandire kusiyana kwa malipiro ake ndi malipiro oyambira a udindo umene akugwirizirawo, ndipo kuti ayenera kugwirizira masiku 30 otsatizana kaye, akakwana ndiye amulipire kuchokera tsiku loyamba.

aMbewe: Basi, 130,000 ili m'malo. Ndipo za masiku 30 zija ndi zimene zachititsa kuti ya Ogasiti ibwere mochedwa, chifukwa kumapeto kwa Ogasiti munali musanakwanitse.

Jere: Chabwino, ngati buku latero ndavomera. Koma ndikuumirirabe kuti pamene kusiyana kwa sitepe yoyamba ndi kwa mwini mpando kwakula chonchi, kampani ikupulumutsa ndalama pamsana pa wogwirizira.

Kondwani: Zabwino zonse mayi pokwezedwa. Ine ndimadziwa kuti ukagwirizira miyezi itatu mpando umakhala wako basi, ndiye dekhani, zonsezi zidzakonzeka akakutsimikizirani.

Mayi a Tadala: Zikomo achimwene, koma sindinakwezedwe. Mwini mpando akubwerera pa 1 Novembala, ndipo miyezi itatu siyikwana n'komwe.

aMbewe: A Kondwani, kuti kugwirizira kusanduke kukwezedwa pokhapokha pali lamulo kapena mgwirizano umene ukunena zimenezo mwachindunji, ndipo zotere zimakhudza mpando wopanda mwini, osati wa munthu amene ali kutchuthi. Tiyeni tibwerere ku 79,677 ija, chifukwa ndaipeza.

Ogasiti ali ndi masiku 31. Mukagawa 130,000 ndi 31, tsiku limodzi likubwera 4,193.55. Tsopano gawani 79,677 ndi 4,193.55, mupeza 19. Ndiye kuti anakuwerengerani masiku 19. Koma werengani ndi zala kuyambira pa 12 mpaka pa 31, tsiku la 12 lomwelo lili momwemo, mupeza masiku 20. Amene anapanga masamuwa anangoti 31 kuchotsa 12, n'kuiwala kuti pa 12 munagwira ntchito. Cholakwika chimenechi ndachiona kambirimbiri, ndipo nanenso ndinachichitapo ndili wachinyamata pa desiki imeneyi. Nambala yoyenera ndi iyi:

130,000 × 20 ÷ 31 = 83,870.97

Ndiye akuyenera kukuwonjezerani 4,194, malipiro a tsiku limodzi.

Nabanda: Bambo Mbewe, kwathu sitiwerengera masiku a pa kalendala, timawerengera masiku ogwira ntchito. Kodi sangapeze zochulukirapo akapempha njira imeneyo?

aMbewe: Mwezi umenewu angapeze. Popeza pa 12 linali Lolemba, Ogasiti ameneyu anali ndi masiku 22 a Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo kuchokera pa 12 mpaka kumapeto ndi masiku 15. Ndiye 130,000 × 15 ÷ 22 ndi 88,636. Enanso amatenga mwezi uliwonse ngati wa masiku 30, ndipo masiku 20 amabwera 86,667. Njira zitatu, mayankho atatu, ndipo palibe imene ili yabodza. Koma sungasankhe imene yakukomera mwezi uno. Imene kampani imagwiritsa ntchito polipira munthu woyamba ntchito pakati pa mwezi ndi imene iyenera kugwiranso pano. Nambala ya pa peyisilipi yawo yationetsa kale kuti iwo amagawa ndi masiku a pa kalendala, ndiye ine ndingapemphe tsiku limodzi lija basi, chifukwa pamenepo palibe angatsutse.

Mayi a Tadala: Ndawerenga ndi zala monga mwanenera, ndi 20 ndithu. Mtima wakhalako pansi pa chimodzi. Koma chimene chikundipweteka kwambiri ndi ovataimu. Mwezi uliwonse kumapeto timawerenga katundu yense, ndipo magalimoto ena amafika madzulo. Ndisanayambe kugwirizira ndinkapanga maola pafupifupi 30 pa mwezi ndipo ankandilipira. Tsopano ndikugwira ntchito yochuluka kuposa kale, koma ndikayang'ana ndalama ndikuona ngati palibe chimene ndapindula.

aMbewe: Maso anu sakukunamizani. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mumagwira maola angati pa sabata, ndipo ovataimu amalipira motani?

Mayi a Tadala: Maola 40 pa sabata. Ovataimu ya masiku wamba ndi ola limodzi ndi theka. Maola 30 onsewa ndi a masiku wamba.

aMbewe: Chabwino. Choyamba tipeze mtengo wa ola lanu. Pa chaka mumalandira 520,000 × 12, ndiye 6,240,000. Pa chaka muli masabata 52 a maola 40, ndiye maola 2,080. Mukagawa mupeza 3,000 pa ola. Ovataimu ndi 3,000 × 1.5, ndiye 4,500 pa ola. Maola 30 akubwera 135,000.

Ndiye onani. Mukanakana kugwirizira n'kukhala pa desiki yanu, Seputembala mukanalandira 520,000 kuphatikiza 135,000, zonse 655,000. Mwavomera kugwirizira, akupatsani 520,000 kuphatikiza 130,000, zonse 650,000, ovataimu palibe. Mwasenza makiyi, mukusainira katundu, chikasowa chinthu adzafunsa inu, ndipo mwalandira zochepa ndi 5,000 msonkho usanadulidwe. Pamene zinthu zimatembenukira ndi pa maola 29, chifukwa 130,000 ÷ 4,500 ndi 28.9. Mwezi uliwonse umene ovataimu yanu ikanafika maola 29 kapena kupitirira, kugwiriziraku kukukudyerani m'thumba. Aliyense amene amapanga ovataimu yambiri azipanga masamu amenewa asanasaine kalata yogwirizira.

Jere: Mwaona zimene ndimanena? Ndipo ovataimuyo ayenera kuwalipira pa mtengo wa kapitawo, osati wa kalaliki. Pa nthawi imeneyi malipiro awo ndi 650,000.

aMbewe: Apa a Jere mwina muli ndi mfundo, koma si paliponse. Pali njira zitatu zimene ndazionapo. Ena amati ukagwirizira giredi yosalandira ovataimu, nawenso sulandira, alawansiyo yaphimba zonse. Ndi zimene akuuzidwa mayiwa, ndipo zikuwapatsa 650,000. Ena amati giredi yako yeniyeni sinasinthe, ndiwe kalaliki amene wabwerekedwa, ndiye ovataimu ulandirebe pa mtengo wa besiki yako. Pamenepo ndi 650,000 kuphatikiza 135,000, zonse 785,000. Njira yachitatu ndi ya a Jere: alawansi ilowe m'malipiro owerengera ola. 650,000 × 12 ÷ 2,080 ndi 3,750 pa ola, ovataimu 5,625, maola 30 ndi 168,750, zonse pamodzi 818,750. Pakati pa njira yachiwiri ndi yachitatu pali 33,750 pa mwezi umodzi wokha.

Chimene chimagamula ndi mawu amene ali m'ndime ya ovataimu. Ikati ola liwerengedwe pa besiki, alawansi yakhala kunja. Ikati pa malipiro a nthawi zonse, kapena pa mtengo wa ntchito imene munthu akugwira pa ola limenelo, alawansi ikhoza kulowa. Ndipo pamwamba pa buku la kampani pali lamulo la ntchito la dziko, limene buku silingalichepetse. M'mayiko ambiri lamulo limapatula mabwana enieni pa nkhani ya ovataimu, koma kawirikawiri limayang'ana ntchito imene munthu akugwiradi, osati dzina la mpando lokha.

Mayi a Tadala: Ndime ya ovataimu ikuti antchito a giredi yanga ndi otsika amalandira ovataimu pa besiki yawo, ndipo a giredi ya kapitawo kupita m'mwamba salandira. Za wogwirizira siinatchule. Kalata yanganso siinatchule kanthu za ovataimu.

aMbewe: Ndiye njira yachitatu yafera pomwepo, chifukwa bukulo lati besiki. Koma yoyamba ija, imene akukukanizirani, siinalembedwenso paliponse. Ndifunse chinthu chimodzi: desiki yanu ya ukalaliki anaikapo munthu wina?

Mayi a Tadala: Ayi ndithu. Masana ndimakhala pa zaukapitawo, kugawa ntchito, kusaina mapepala otulutsira katundu, kupita kumisonkhano. Anthu akaweruka ndiye ndimakhala pansi kulowetsa mu kompyuta mapepala a katundu wolowa ndi wotuluka, imene ndi ntchito yanga yakale. Tsiku lina ndinatuluka alonda a usiku atasinthana kale, mulu wa mapepala ukadali pambali pa kiyibodi.

aMbewe: Mayi, mfundo yanu yamphamvu ndi imeneyo, ndipo musaikwirire pansi pa madandaulo ena. Maola 30 amenewo simunawagwire ngati kapitawo. Munawagwira ngati kalaliki, pa desiki ya kalaliki, chifukwa sanaikepo munthu. Alawansi ya 130,000 ikulipira udindo umene mwasenza masana. Siingalipirenso ntchito yachiwiri ya madzulo. Peyisilipi yanu ikuonetsabe giredi yanu yakale ndi besiki ya 520,000, ndiye pa mapepala awo omwe mukadali m'gulu lolandira ovataimu. Lembani kalata yaifupi, muikemo tsiku lililonse, ola lolowera ndi lotulukira, ndi ntchito imene munagwira. Ngati kompyuta imasunga nthawi imene pepala lililonse linalowetsedwa, umenewo ndi umboni woposa mawu anu.

Komanso onani Ogasiti. Ngati munapanga ovataimu pakati pa 1 ndi 11, musanayambe kugwirizira, imeneyo ilibe mkangano uliwonse.

Mayi a Tadala: Ndinapanga maola 8 sabata yoyamba ya Ogasiti, ndipo ndaona tsopano kuti sanandilipire. Fomu yonse ya Ogasiti anaiika pambali.

aMbewe: Maola 8 × 4,500 ndi 36,000. Ikani m'kalata momwemo, pa mzere wakewake.

Achimwene a Dalitso: Ine ndimayang'anira antchito kwathu, ndiye ndiloleni ndinene mbali inayo. Kapitawo ndi amene amavomereza ovataimu ya anzake. Wogwirizira akamalandiranso ovataimu, ndiye kuti akudzisainira yekha. N'chifukwa chake ambiri timakana. Sikuti ndi nkhanza ayi.

Jere: Imeneyo si nkhani yovuta achimwene. Fomu yawo asaine bwana wa pamwamba pa kapitawo. Vuto la siginecha lisasanduke chifukwa chogwiritsa munthu ntchito yaulere.

Achimwene a Dalitso: Zimenezo n'zotheka, koma zimafunika kugwirizana ntchito isanagwiridwe. Malo ambiri ovataimu imayenera kuvomerezedwa kaye. Mayiwa akhoza kufunsidwa kuti anakulolani ndani kutsala madzulo.

Mayi a Tadala: Palibe anandilembera kuti nditsale, koma bwana wamkulu ankandipeza madzulo ndipo ankafuna malipoti m'mawa uliwonse.

aMbewe: A Dalitso anena zoona kuti pamenepo ndi pofooka. Kudziwa kwa bwana kumathandiza, koma sikufanana ndi chilolezo cholembedwa. Ndiye pa Okutobala musadikire kutha kwa mwezi. Lero lomwe pemphani molemba chimodzi mwa ziwiri: akuvomerezeni ovataimu pa mtengo wa 4,500, kapena aike munthu pa desiki yanu kuti muziweruka pa nthawi yake.

Nabanda: Ndilowe pa funso lachitatu, poti ine ntchito yanga ndi ya mapenshoni. Mayi, 26,000 ija ndi 5 peresenti ya 520,000. Abwana amaikapo zingati?

Mayi a Tadala: Amaikapo 10 peresenti. Ndalama zimapita ku akaunti ya dzina langa, chaka chilichonse amatipatsa sitetimenti.

Nabanda: Ndiye peyisilipi yakuuzani kale kuti alawansi yanu sakuiwerengera pa penshoni. Akanaiwerengera, akanadula 5 peresenti ya 650,000, imene ndi 32,500, ndipo abwana akanaika 65,000 m'malo mwa 52,000. Pa mwezi wathunthu akaunti yanu ikanalandira 19,500 yowonjezera, 6,500 yochokera kwa inu ndi 13,000 yochokera kwa abwana. Pa nthawi yonse yogwirizira alawansi yanu ikhala 83,871 kuphatikiza 130,000 kawiri, zonse 343,871. Gawo la abwana pamenepo likanakhala 34,387, lanu 17,194. Ndiye chimene mukutaya chenicheni ndi 34,387 ya abwana ija ndi phindu limene ikanabereka mpaka mudzapume. Yanu ija simunaitaye, mwangoilandira m'manja m'malo moisunga.

Kodi akulakwa? Yankho lili m'malamulo a thumba la penshoni, pa ndime imene ikufotokoza malipiro owerengera penshoni, komanso m'lamulo la dziko la za penshoni. Matumba ambiri amatenga besiki ndi zina zokhazikika, n'kusiya kunja zobwera kwa kanthawi monga ovataimu ndi alawansi yogwirizira. Koma alipo amene amatenga zonse zimene walandira. Musafunse a ofesi ya malipiro okha, pemphani kope la malamulowo kwa matrasiti kapena kwa amene amayendetsa thumbalo, muwerenge nokha.

Kondwani: Koma si bwino kuti sakudula zambiri? Ndalama m'manja ndiye yabwino.

Nabanda: Taonani nambalazo achimwene. Pa 6,500 iliyonse imene mayiwa akanadulidwa, abwana akanaikapo 13,000. Kusadulidwa kumaoneka kokoma pa tsiku la malipiro, koma gawo la abwana limapita nako limodzi.

aMbewe: Ndiwonjezere kanthu kamodzi ka mkati mwa ofesi ya malipiro. Wogwirizira amalipidwa m'njira ziwiri pa kompyuta. Ena amasiya besiki momwe ilili n'kuika alawansi pa mzere wapadera, monga achitira kwa mayiwa. Ena amakweza besiki yomweyo kwa kanthawi, kufika 650,000, n'kudzaibweza nthawi ikatha. Ndalama ya pa mwezi ndi yofanana, koma m'njira yachiwiriyi penshoni ndi mtengo wa ola zimakwera zokha, chifukwa zonse zimawerengera pa besiki. Ndiye anthu awiri ogwirizira mipando yofanana m'makampani awiri akhoza kutsutsana tsiku lonse, aliyense akunena zoona za kwawo. Mzere umene waikidwa alawansi ndi umene muyenera kuyamba kuyang'ana.

Gogo Nasibeko: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhaniyi yandikhudza. Ine ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume. Ndagwirizira udindo wa mkulu wa gawo lathu miyezi 14 tsopano, chichokereni mwini wake. Alawansi ndikulandira. Penshoni yathu si ya akaunti ngati ya Mayi a Tadala, ndi ija amawerengera zaka zimene wagwira ndi malipiro omaliza. Ndinkaganiza kuti poti ndikupuma ndili pa mpando wapamwamba, adzawerengera pa malipiro a pamenepo. Kodi ndikudzinamiza?

Nabanda: Gogo, nkhani yanu ndi yaikulu kuposa ya mayiwa, chifukwa mu penshoni yotere kusiyana sikukhala kwa miyezi yogwirizira yokha, kumakhala kwa moyo wonse. Ndigwiritse ntchito nambala za mayiwa kuti muone kukula kwake. Tiyerekeze thumba limene limapereka gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro omaliza pa chaka chilichonse chimene wagwira, ndipo munthu wagwira zaka 24. Ndiye 24 ÷ 60 ndi 0.4. Pa malipiro a 520,000 penshoni ndi 208,000 pa mwezi. Pa 650,000 ndi 260,000. Kusiyana ndi 52,000 mwezi uliwonse mpaka imfa, pamene zopereka pa malipiro apamwambawo zinalowa miyezi yochepa chabe. N'chifukwa chake matumba otere amadzitchinjiriza. Ena amanena mosabisa kuti amawerengera malipiro a udindo wako weniweni, alawansi yogwirizira kunja. Ena amailola koma amatenga avareji ya zaka zingapo zomaliza. Thumba likamatenga avareji ya miyezi 36, alawansi ya 343,871 ija ikanangokweza malipiro owerengera ndi 9,552, ndipo penshoni ndi 3,821 pa mwezi.

Inu yang'anani peyisilipi yanu monga tachitira ndi ya mayiwa. Zopereka zanu za penshoni zinakwera pamene munayamba kugwirizira?

Gogo Nasibeko: Ndafananiza ya chaka chatha ndi ya mwezi uno. Zinangokwera pang'ono pamene tonse anatikweza malipiro, koma pa alawansi sizinasunthe.

Nabanda: Ndiye chizindikiro si chabwino, ngakhale mawu omaliza ali m'malamulo a thumba. Pemphani kuti akulembereni chiyerekezo cha penshoni yanu, ndipo aonetse malipiro amene awerengerapo. Ngati ndi a giredi yanu yakale, chimene chingasinthe zinthu ndi kutsimikiziridwa pa mpandowo musanapume, osati kupitiriza kugwirizira. Ndipo ngati thumba lanu limatenga avareji, mwezi uliwonse umene ukudutsa musanatsimikiziridwe ukuchepetsa phindu lake.

Jere: Miyezi 14 pa mpando wopanda mwini, gogo, imeneyo ndi nkhani yoti yuniyoni iitenge. Mabuku ambiri amaika malire a nthawi yogwirizira. Onani ngati lanu lili nawo.

Gogo Nasibeko: Lili nawo mwanangu, koma amangondilembera kalata yatsopano nthawi ikatha. Ndili nazo zitatu m'kabati. Ndipita nazo kwa a yuniyoni sabata ya mawa, ngakhale sindikudziwa ngati nthawi yatsalayi ikwanira.

aMbewe: Gogo atchula za kukwezedwa malipiro, ndiye ndichenjezeko Mayi a Tadala. Alawansi yanu ndi kusiyana kwa nambala ziwiri, ndiye imodzi ikasuntha nayonso imasuntha. Mutakwera sitepe pakati pa nthawi yogwirizira, besiki n'kufika 545,000, alawansi itsika kufika 105,000 ndipo zonse pamodzi zikhalabe 650,000. Ambiri amaganiza kuti awabera, pamene ndi momwe masamuwo alili. Ubwino wake ngwakuti 25,000 imeneyo yachoka pa mzere wosawerengera penshoni n'kupita pa besiki. Choipa ndi pamene ofesi yaiwala kutsitsa alawansi, kapena kuiimitsa mwini mpando atabwerera, n'kudzakudulani zonse pakamodzi patsogolo. Pa peyisilipi ya Novembala mzere umenewo usaonekenso.

Mayi a Tadala: Ndabwerera kudzakuuzani momwe zayendera. Ndinapereka kalata Lachiwiri, ndi mndandanda wa masiku ndi maola monga munanenera a Mbewe. Za tsiku limodzi lija avomera pomwepo, mtsikana wa ku malipiro anawerenga pa kalendala ya pakhoma n'kupepesa. Maola 8 a Ogasiti avomeranso. Zonse ziwiri, 4,194 ndi 36,000, zibwera pa malipiro a Okutobala. Malamulo a thumba la penshoni ndawaona, akuti besiki yokha, ndiye pamenepo ndasiya. Kuyambira Lolemba andipatsa mnyamata wina wondithandiza kulowetsa mapepala. Koma maola 30 a Seputembala akuti ndalama sangapereke chifukwa panalibe chilolezo, m'malo mwake andipatsa masiku opuma mwini mpando akabwerera.

Jere: Musavomere pakamwa. Masiku angati? Ngati ovataimu ndi ola limodzi ndi theka, maola 30 ndi maola 45 opuma.

Achimwene a Dalitso: Kwathu timabweza ola pa ola. Maola 30 ndi maola 30.

aMbewe: Zonse ziwiri ndazionapo, ndipo kusiyana kwake si kochepa. Pa tsiku la maola 8, maola 30 ndi masiku atatu ndi maola 6, pamene maola 45 ndi masiku asanu ndi maola 5. Pa ndalama, maola 30 opuma ndi 90,000, pamene ngongole yawo kwa inu ndi 135,000. Ine ndikanapempha 45, ndipo ndikanafuna zilembedwe, pamodzi ndi tsiku lomalizira kuwatenga. Onaninso ngati buku lanu kapena lamulo la ntchito limalola n'komwe kusinthanitsa ovataimu ndi masiku opuma munthu asanavomere.

Mayi a Tadala: Sanatchule nambala, anangoti masiku. Mawa m'mawa ndikafunsa, ndipo ndikatenga bukulo m'manja. A Nabanda, ndikatenga masiku m'malo mwa ndalama, pali chimene chikusintha ku penshoni?

Nabanda: Palibe mayi. Ovataimu kwanu siwerengeredwa kale, ndipo pa masiku opumawo besiki yanu ikhala ikuyenda yonse, ndiye 26,000 ndi 52,000 zilowa monga mwa masiku onse.